Chisoni Wamba ndi Matenda Ovutika Maganizo: Tingazisiyanitse Bwanji?

Mlimi aliyense amadziwa kuti chimanga chikapinda masamba masana, m'mawa mwake n'kupezeka chitatambasuka, palibe chodetsa nkhawa. Koma chikakhala chofota ngakhale m'mamawa, timakafukula kumizu. Mtima wa munthu nawo uli chimodzimodzi.

Pa 29 Febuluwale 2024, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala cha chaka chimenecho chinali tsoka la dziko lonse. Titenge chitsanzo cha alimi awiri amene chimanga chawo chinapserera, ngongole ya feteleza ili pakhosi. Woyamba analira, nasowa tulo masiku angapo. Komabe anzake akamuchezera ankaseka nawo, ndipo sabata isanathe anali kudimba kufesa repu. Wachiwiri anakhala mwezi wathunthu akudzuka usiku tambala asanalire, tulo osabweranso. Nsima ankangoilawa, ng'ombe anasiya kuzitengera kudibi, ndipo ankati: “Ine ndine mtolo kwa ana anga.” Tsoka linali limodzi, koma woyamba anali ndi chisoni, wachiwiri anali kudwala. Matendawa achipatala amawatcha dipuleshoni. Tiwasiyanitse ndi miyeso itatu.

Muyeso woyamba ndi nthawi. Chisoni chimabwera ndi kupita: chimakula tikakumbukira chimene chatayika, chimachepa tikakhala pakati pa anthu. Matendawa sapumitsa munthu. Bungwe la zaumoyo padziko lonse, la WHO, limati munthu akakhala wokhumudwa, kapena wosakondwa ndi zimene kale ankazikonda, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa masabata awiri kapena kuposerapo, tiyenera kuganizira za matenda.

Wachiwiri ndi ntchito pamodzi ndi thupi. Wachisoni amalimabe, ngakhale mtima ukuwawa. Wodwala amatopa asanagwire khasu, amalephera kusankha ngakhale mbewu yobzala, kudya ndi kugona kwake kumasintha. Ambiri kwathu kuno sanena kuti akhumudwa. Amadandaula mutu, msana, mtima kuthamanga, kapena amati akuganiza kwambiri. Abambo ena amangopsa mtima msanga ndi kuwonjeza kachasu. Anthu otere tisafulumire kuwatcha aulesi.

Wachitatu ndi zimene munthu akunena za iye mwini. Wachisoni amati, “Mvula yatilanga chaka chino.” Wodwala amati, “Ndine wachabechabe, palibe chidzasinthe.”

Miyeso imeneyi ili ndi malire ake. Wofedwa akhoza kulira miyezi ingapo popanda kudwala, choncho masabata awiri okha si umboni pa nthawi ya maliro. Timada nkhawa namfedwa akayamba kudziona wopanda pake, akaleka kudya ndi kusamba, kapena akamalankhula zotsatira malemuyo. Matendawa amabweranso popanda tsoka lililonse, ngakhale nkhokwe itadzaza, ndiponso amagwira amayi ena atangobereka kumene.

Pali chizindikiro chimodzi chimene sitidikira nacho masabata awiri: munthu akanena zofuna kufa, akayamba kugawa katundu wake kapena kutsanzika mosadziwika bwino. Mufunseni mosabisa mawu: “Achimwene, kodi mwakhala mukuganiza zodzipha?” Funso limeneli silimuika maganizowo m'mutu, limamutsegulira khomo loti alankhule. Akavomera, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Alimife tili ndi ngozi yathu yapadera, chifukwa mankhwala opopera thonje ndi ndiwo zamasamba, a dibi ndi a makoswe amakhala m'nyumba mwathu. Achotseni, muwakhome ndi loko kwa munthu wina wodalirika. Nthawi zambiri maganizo odzipha amafika pachimake kwa kanthawi kochepa, ndipo poizoni akakhala patali, moyo umapulumuka.

Thandizo limayambira pa kiliniki yapafupi, kaya muli ku Vubwi, ku Sinda kapena ku Katete. Zikafunika adzakutumizani ku chipatala chachikulu, monga cha St. Francis ku Katete, cha Nyanje ku Sinda kapena Chipata Central. Kumeneko amayamba apima thupi, popeza kuchepa kwa magazi, TB ndi HIV zimabweretsanso kufooka kofanana ndi kumeneku. Muwauze tsiku limene vutolo linayamba, mmene wodwalayo akugonera ndi kudyera, ndiponso mowa umene amamwa.

Ena amachira ndi uphungu wokha. Ena amapatsidwanso mankhwala monga amitriptyline kapena fluoxetine. Mankhwalawa sagwira ntchito ngati panado: pamapita masabata angapo kusintha kusanaoneke, ndipo amamwedwabe miyezi isanu ndi umodzi kapena kuposerapo munthu atapeza bwino. Cholakwika chofala ndi kuwasiya sabata yachiwiri poganiza kuti sakuthandiza, kapena kuwaleka mwadzidzidzi mphamvu zikangobwerera, matenda n'kuyambiranso. Wachibale mmodzi asunge mankhwalawo, azimupatsa wodwalayo mlingo wa tsiku lililonse, ndipo azimuperekeza pa tsiku lobwerera kuchipatala.