Phunziro: Yesani chojambula chanu m'maso mwa ena musanachisindikize

M'chaka cha 1997 kampani ya nsapato ya Nike idatulutsa nsapato zamasewero zokhala ndi chizindikiro chakumbuyo kwake. Ojambula adatenga liwu lachingerezi la zilembo zitatu lotanthauza mpweya, nalipindapinda kuti lioneke ngati malawi a moto. Koma munthu wodziwa Chiarabu amawerenga kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndipo poyang'ana choncho, mizere yoimirira ija ndi kupindika kwa kumapeto kwake zinkafanana ndi dzina la Allah. Bungwe la Asilamu a ku Amerika la CAIR lidadandaula, kampaniyo idapepesa, ndipo nsapato za anthu pafupifupi 38,000 zidachotsedwa pamsika.

Nkhaniyi ikutiphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, wojambula amaona zimene akufuna kunena, pomwe wongodutsa amaona zimene adazolowera. Chachiwiri, tanthauzo limadaliranso malo amene chizindikiro chakhala. Dzina lomwelo likakhala pakhoma la mzikiti ndi ulemu, koma pansapato yoponda matope ndi chipongwe. Ifenso tikhoza kulakwitsa chimodzimodzi, ngakhale pa zinthu za chipembedzo chathu chomwe.

Tiyerekeze kuti kalabu ya zachilengedwe yakonza tsiku lodzala mitengo, ndipo yaitana sukulu ya mishoni yoyandikana nayo, amfumu ndi anthu a m'mudzi. Ophunzira ajambula tisheti yachikasu kuti izioneka patali. Pachifuwa pali dzanja lotukula chala cha mkombaphala, pansi pake pali mawu oti "Munthu mmodzi, mtengo umodzi", ndipo pamwamba alembapo Bisimila m'zilembo za Chiarabu. Akufuna kusindikiza matisheti 200. Cholinga chawo n'chabwino, koma tiyeni tiiyese tishetiyi.

Yambani ndi kulemba papepala magulu onse amene adzaione kapena kuivala. Pano tili ndi ophunzira athu, makolo, a komiti ya mzikiti, anzathu achikhristu, amfumu ndi nduna zawo, komanso anthu a pamsika amene adzangoiona ikudutsa. Gulu lomalizali limaiwalika kawirikawiri, chonsecho ndilo limene silidzamva kufotokoza kwathu ngakhale pang'ono.

Kenako sindikizani chithunzi chimodzi papepala wamba, m'mitundu yake yeniyeni, n'kuonetsa anthu awiri kapena atatu a gulu lililonse. Aonetseni mmodzimmodzi, chifukwa pagulu anthu amangovomera zimene wanena wamkulu. Musafotokoze kalikonse. Gwirani pepalalo kanthawi kochepa, monga momwe munthu amaonera tisheti pamsewu, libiseni, ndipo mufunse mafunso atatu: Mwaona chiyani? Mukuganiza kuti akonza ndani? Mungavale? Funso loti "Kodi zili bwino?" n'losathandiza, poti mwaulemu wathu munthu amayankha kuti zili bwino kuopa kukhumudwitsa mwana. Pa chifukwa chomwecho, wofunsayo asakhale amene adajambula.

Nanga tisheti yathu ingakumane ndi zotani? Tiyambe ndi mtundu. Kuno ku Malawi mitundu ina ndi makaka a zipani: chikasu chimakumbutsa UDF, buluu DPP, kufiira UTM, pomwe kuda, kufiira ndi kubiriwira pamodzi ndi tambala zimakumbutsa MCP. Tisheti imodzi yachikasu siuza munthu kanthu, koma anthu 200 atavala chikasu n'kumayenda akuimba, wa pamsika adzati ndi msonkhano wa chipani. Amfumu, amene amayang'anira anthu a zipani zonse, angachite manyazi kuivala. Onani kuti vuto si mtundu pawokha ayi, koma kuchuluka kwake ndi nthawi yake. Likamayandikira chisankho, maso a anthu amathwa kwambiri pa makaka.

Chachiwiri ndi chala chija. Wojambula ankafuna kunena nambala, kuti mtengo umodzi. Msilamu adzakumbukira chala chimene timatukula mu swala pochitira umboni kuti Allah ndi mmodzi. Amene adaona ndale za dziko lino adzakumbukira chala cham'mwamba cha MCP. Dzanja limodzi lanena zinthu zitatu, ndipo ziwiri mwa izo sizikukhudza mitengo. Mukamajambula manja, yang'ananinso kuti ndi dzanja liti. Chithunzi cha mwana akupereka mbande kwa mkulu ndi dzanja lamanzere chimaoneka chamwano, m'Chisilamu ngakhale pamwambo wa kumudzi. Nthawi zina wojambula salakwa, koma kamera ya kutsogolo kwa foni kapena pulogalamu ya pakompyuta imatembenuza chithunzi ngati galasi, lamanja n'kusanduka lamanzere. N'chifukwa chake muyenera kuyang'ana pepala lomaliza lenilenilo, kulizondotsa, ndi kulionanso pagalasi, kuti muone ngati sipakubadwa chilembo kapena chizindikiro chimene simunafune.

Chachitatu sichioneka pofunsa anthu, chimaoneka potsatira chinthucho ndi maganizo mpaka kutha kwake. Tisheti imavalidwa kumunda, imalowa m'chimbudzi, imachapidwa pamwala, ndipo ikang'ambika imasanduka chokolopera. Kapepala kogawa pamsika mawa lake amakulungira mandasi kapena kamagwera m'ngalande. Dzina la Allah ndi ndime za Kurani siziyenera ulendo wotere, ndipo mnzathu wachikhristu amene sawerenga Chiarabu sangadziwe kuti wavala mawu ofunika kusamala. Pamenepa tingamuchititse cholakwa ndife, monga kampani ija idachitira kwa ogula nsapato zake. Bisimila inenedwe pakamwa potsegulira mwambo, kapena ilembedwe pachikwangwani chimene komiti idzasunge pamalo oyenera.

Tsopano tingaikonze motere: tisheti yoyera, pachifuwa manja awiri atanyamula mbande yobiriwira, mawu omwe aja m'Chichewa, ndi mayina a sukulu ziwirizo m'zilembo zofanana kukula. Ikakonzedwa, ibwererenso kwa anthu ena atsopano, chifukwa kukonza kumabweretsa zina. Mwachitsanzo, wina akaonjezera zilembo zofiira ndi zakuda pambali pa mbande yobiriwira ija, tabwerera ku makaka.

Kodi tingadziwe bwanji dandaulo loyenera kulimvera? Anthu awiri amene sanakambirane akatchula chinthu chimodzi, sinthani. Munthu mmodzi yekha akatchula za dzina la Allah, za chipembedzo cha ena kapena za chipani, musadikire wachiwiri, kafunseni a shehe kapena mkulu wa gulu lokhudzidwalo. Koma wina akangoti mtunduwo samaukonda, chimenecho ndi chikonda chake, sichikutikakamiza. Dziwaninso malire a njirayi. Anthu khumi ndi awiri sangayankhulire dera lonse, ndipo palibe mtundu umene ulibe tanthauzo kwa wina aliyense. Cholinga ndi kugwira zolakwika zikuluzikulu pamene zikadali papepala limodzi, osati pa matisheti 200 olipira kale ndi ndalama za makolo. Akuluakulu adati safunsa adadya phula.

Ntchito ya ophunzira: tengani chikwangwani chimodzi cha pasukulu pano, lembani magulu anayi amene amachiona, funsani anthu awiri a gulu lililonse mafunso atatu aja, ndipo mulembe mayankho awo monga momwe awanenera. Makolo ndi a komiti, mwana akakubweretserani pepala lotere, muuzeni zimene mwaona poyamba penipeni, ngakhale zikhale zosamusangalatsa.