Theka kuphatikiza 1/5: n'chifukwa chiyani yankho si 2/7?

Mwana wabwera kuchokera kusukulu ndi pepala la masamu. Masamu oyambirira wakhoza onse: 1/5 + 2/5 = 3/5, komanso 2/7 + 3/7 = 5/7. Koma pa samu yachitatu aphunzitsi amuthetha. Iye analemba kuti 1/2 + 1/5 = 2/7.

"Amayi, 1 kuphatikiza 1 si 2 kodi? Nanga 2 kuphatikiza 5 si 7? Ndiye ndalakwa pati?"

Funso la mwanayu ndi lomveka, ndipo ngakhale akuluakulu ambiri a m'sukulu za kwacha amalifunsa akafika pa mafulakishoni. Kungomuuza kuti "lamulo lake silitero" sikungamuthandize, chifukwa lamulo loloweza osadziwa gwero lake silichedwa kuiwalika. Tiyeni tiyambe ndi chinthu chimene tonse timachigwira tsiku ndi tsiku, ndicho ndalama.

Tengani K1,000 ngati chinthu chathunthu. Theka la K1,000 ndi K500. Mukaigawa K1,000 yomweyo mofanana kwa anthu asanu, aliyense alandira K200, ndiye kuti 1/5 ndi K200. Samu ya mwana ija ikufunsa kuti: muli ndi K500 imodzi ndi K200 imodzi m'manja, zonse pamodzi ndi gawo lanji la K1,000?

Palibe mayi wogulitsa tomato amene angayankhe kuti "ndili ndi ndalama ziwiri" n'kuthera pomwepo. Inde mapepala alipo awiri, koma sali ndi mphamvu yofanana. Munthu wina akhoza kukhala ndi ma K200 awiri, mnzake ma K500 awiri. Onse ali ndi mapepala awiriawiri, koma woyamba ali ndi K400 pamene mnzakeyo ali ndi K1,000. Kuwerenga mapepala kumathandiza pokhapokha ngati mapepalawo ndi a mtundu umodzi.

Nanga tingatani kuti K500 ndi K200 zikhale za mtundu umodzi? Tiziphwanye. K500 singaphwanyike kukhala ma K200 okhaokha, chifukwa mukatenga awiri patsala K100. Koma zonse ziwiri zimaphwanyika bwinobwino kukhala ma K100. K500 ipereka ma K100 asanu, K200 ipereka awiri. Tsopano mapepala onse ndi ofanana, ndipo tingathe kuwawerenga: asanu kuphatikiza awiri, akwana 7. Mu K1,000 muli ma K100 okwana 10, choncho pepala lililonse la K100 ndi 1/10. Zimene tachitazi timazilemba motere:

1/2 + 1/5 = 5/10 + 2/10 = 7/10

Yankho ndi 7/10, ndiyo K700 mwa K1,000. Onani kuti pophwanya paja sitinaonjezere kapena kutaya ngakhale tambala imodzi. K500 ndi K500 basi, kaya ndi pepala limodzi kaya mapepala asanu. Chimodzimodzinso 1/2 ndi 5/10: kuchuluka kwake n'kumodzi, kwasintha ndi kaduliridwe kokha.

Apa ndi pamene pagona nkhani yonse. Nambala ziwiri za fulakishoni zimagwira ntchito zosiyana. Nambala ya pansi imatiuza kuti chinthu chathunthu chadulidwa zidutswa zofanana zingati, motero imatiuza kukula kwa chidutswa chimodzi. Nambala ya pamwamba imatiuza kuti mwa zidutswazo tatenga zingati. Ya pamwamba ndiyo yowerengera, ya pansi ili ngati dzina la chimene tikuwerengacho. Mukaphatikiza mbuzi ziwiri ndi mbuzi imodzi mupeza mbuzi zitatu, dzina loti mbuzi silisintha. N'chifukwa chake pa samu yoyamba ija, 1/5 + 2/5, mwana anakhoza polemba 3/5 osati 3/10. Zidutswa zinali zofanana kale, anangoziwerenga. Pa samu yachitatu anaiwala zimenezi n'kuphatikiza mayina omwe.

Pali njira yachangu yoonera kuti 2/7 ndi yolakwika, ndipo ndikufuna kuti muizolowere musanaphunzire china chilichonse. Tinayamba ndi theka, kenaka tinaonjezerapo kena kake, choncho yankho liyenera kuposa theka. Kodi 2/7 ikuposa theka? Theka la 7 ndi 3 ndi hafu, ndipo 2 sakufika n'komwe pamenepo. Zikanatanthauza kuti munthu anali ndi K500, wapatsidwa K200 ina, koma m'thumba mwake mwapezeka ndalama yosakwana K300. Yankho la samu yophatikiza likachepa kuposa chimodzi mwa zimene munayamba nazo, dziwani kuti penapake pasokonekera.

Tsopano funso ndi lakuti, 10 uja tinamupeza bwanji? Pa ndalama zinali zosavuta chifukwa ma K100 timawadziwa kale. Papepala timafuna nambala imene nambala zonse za pansi zimalowamo popanda chotsala. Werengani modumpha ziwiriziwiri: 2, 4, 6, 8, 10. Werenganinso zisanuzisanu: 5, 10. Pamene zayamba kukumana ndi pa 10.

Tiyese ndi munda. Lolemba mwapalira 1/4 ya munda, Lachiwiri kunagwa mvula ndiye mwangopalira 1/6. Mwapalira gawo lanji la munda wonse? Ndime ya Lolemba ndi yaikulu kuposa ya Lachiwiri, ngakhale 6 ndi nambala yaikulu kuposa 4. Izi zimasokoneza ambiri, koma kumbukirani kuti chinthu chikagawidwa kwa anthu ambiri, aliyense amalandira pang'ono. Popeza ndime ziwirizi sizofanana, sitingangonena kuti "ndime ziwiri".

Werengani modumpha zinayizinayi: 4, 8, 12. Kenaka modumpha 6: 6, 12. Zakumana pa 12. Ndiye ganizirani kuti mundawo uli ndi mizere 12 yofanana kutalika. Mukagawa mizere 12 panayi, gawo lililonse likhala ndi mizere itatu, choncho 1/4 ndi 3/12. Mukaigawa pa magawo 6, lililonse likhala ndi mizere iwiri, choncho 1/6 ndi 2/12. Mizere itatu ya Lolemba ndi iwiri ya Lachiwiri ikukwana isanu.

1/4 + 1/6 = 3/12 + 2/12 = 5/12

Mizere 7 ikudikira khasu.

Ana kusukulu amauzidwa kuti nambala imene wachulukitsa nayo pansi uchulukitsenso nayo pamwamba. Mizere ija ikutionetsa chifukwa chake. Kuti 4 afike pa 12 tachulukitsa ndi 3, ndiye kuti ndime iliyonse mwa zinayi zija taidula patatu. Ndime imene inu munapalira nayonso yadulidwa patatu, ndipo tizidutswa tonse titatu ndi topalira. N'chifukwa chake 1 wa pamwamba wasanduka 3. Ena amasintha pansi pokha n'kulemba 1/12 + 1/12 = 2/12. Potero akunena kuti Lolemba lonse munapalira mzere umodzi wokha, pamene munapalira itatu. Njira yathu yoonera ija iwagwiranso: 2/12 ndi mizere iwiri, yosafika n'komwe pa ntchito ya Lolemba lokha.

Mukafuna kuona zimenezi ndi maso, tengani pepala la m'kope. Lipindeni pakati, kenaka mulipindenso molowera komweko, litambasuleni: muona timagawo tinayi. Detsani kamodzi ndi pensulo. Tsopano lipindeni patatu mopingasa. Mukatambasula mupeza timabokosi 12, ndipo todetsedwa ndi titatu. Simunadetse malo ena oonjezera, mwangochulukitsa mizere yopinda.

Wina angafunse kuti, bwanji osangochulukitsa 4 ndi 6 kuti tipeze 24? N'zotheka ndithu, ndipo njira imeneyi siiphonya. Pa 24, 1/4 ikhala 6/24, 1/6 ikhala 4/24, zonse pamodzi 10/24. Mukagawa pamwamba ndi pansi ndi 2 mufika pa 5/12 yemwe uja. Zili ngati kuphwanya K500 ndi K200 kukhala ma K50 m'malo mwa ma K100: ndalama ndi yomweyo, koma mapepala owerenga achuluka. Aphunzitsi amakonda nambala yochepetsetsa chifukwa imapeputsa ntchito, osati chifukwa zinazo n'zolakwika. Mukasowa poyambira, chulukitsani nambala za pansizo, kenaka muchepetse yankho pomaliza.

Nthawi zina fulakishoni imodzi yokha ndiyo imafunika kusintha. Pa 1/2 + 1/4, 2 amalowa mwa 4 popanda chotsala, choncho theka lisanduka 2/4, ndipo 2/4 + 1/4 = 3/4. Hafu ya botolo la mafuta ophikira kuphatikiza kota ya botolo lofanana nalo zikwana makota atatu.

Mawu oti "lofanana nalo" ndi ofunika. Zonse zimene taphunzirazi zimagwira ntchito ngati mafulakishoni onse akuchokera ku chinthu chimodzi, kapena ku zinthu zofanana kukula. Hafu ya botolo laling'ono ndi kota ya botolo lalikulu sizingapange makota atatu a botolo lililonse mwa awiriwo.

Mfundo yomweyi imayankha funso lina limene ophunzira atcheru amabwera nalo. Amati: "Ndagula mulu wa tomato awiri, mmodzi ndi woola. Ndagulanso mulu wa tomato asanu, mmodzi ndi woola. Oola ndi awiri mwa tomato 7. Si 2/7 imeneyo?" Zoona, ndi 2/7. Koma taonani chimene chachitika. Pa mulu woyamba chathunthu chinali tomato awiri, pa wachiwiri tomato asanu, ndipo pomaliza mwaunjika pamodzi n'kupanga mulu watsopano wa 7. Chathunthu chasintha kawiri. Samu ya papepala la mwana sikufunsa zimenezo. Ikalembedwa 1/2 + 1/5, ikunena theka la chinthu ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a chinthu chomwecho, monga K500 ndi K200 zochokera mu K1,000 imodzi.

Zoti muchite

Pa samu iliyonse, musanalembe kanthu, nenani kaye ngati mukuona kuti yankho liposa theka kapena ayi. Kenaka werengani modumpha kuti mupeze pamene nambala za pansi zikukumana.

1. 1/2 + 1/3. Ganizirani K600 ngati chathunthu. Theka lake ndi ndalama zingati? Nanga mukaigawa patatu?
2. 1/5 + 3/10. Kodi pakufunika kusintha mafulakishoni onse awiri?
3. 2/3 + 1/4. Jambulani munda wa mizere 12, mudetse mizere ya tsiku loyamba ndi pensulo, ya tsiku lachiwiri ndi cholembera cha inki.
4. Wophunzira wina walemba kuti 1/3 + 1/4 = 2/7, wina walemba 2/12. Mufotokozereni mnzanu amene mwakhala naye pafupi chimene aliyense walakwitsa, pogwiritsa ntchito munda wa mizere 12 womwewo.