Monita ya 144 Hz, koma kompyuta ikungoti 60

Kalata yoyamba imene muulutsi anawerenga pa pulogalamu ya pawailesi madzulo ena inachokera kwa mnyamata wa pa Bvumbwe, amene ali ndi kachipinda ka masewera a pakompyuta kufupi ndi msika, m'mbali mwa msewu wochoka ku Limbe kupita ku Thyolo. Mkulu wake wa ku Joni anam'tumizira monita yakaunjika ya ASUS VG248QE, ndipo pakatoni panalembedwa 144 Hz. Koma atailumikiza sanaone kusiyana ndi yakale ija. “Kodi akuluwa anawabera?” inafunsa kalatayo.

Katswiri amene anali mu situdiyo sanathamangire zakubedwazo. Anayamba ndi nambalayo. Sikirini, anatero, imajambula chithunzi chatsopano mobwerezabwereza, ndipo Hz ndi chiwerengero cha maulendo amene imatero pa sekondi imodzi. Pa 60 Hz chithunzi chilichonse chimakhalitsa mamilisekondi pafupifupi 16.7, pomwe pa 144 Hz chimakhala 6.9 okha. N'chifukwa chake kamuvi ka mausi kamayenda myaa pa 144, pamene pa 60 mumaona kakusiya timithunzi totalikirana mukakayendetsa mwaliwiro.

“Achimwene a ku Bvumbwe, nambala ya pakatoni ikunena pomwe monita ingafike,” anatero. “Sikuti imayambira pomwepo.”

Anafotokoza kuti monita iliyonse ili ndi kachikalata kake kamkati kotchedwa EDID, kamene kompyuta imawerenga mukangolowetsa nthambo. M'menemo muli mndandanda wa makulidwe a chithunzi ndi maliwiro amene monitayo imalola, ndipo umodzi umaikidwa patsogolo ngati woyambira. Opanga ambiri amaika 60 Hz pamalo amenewo, popeza ndi liwiro loti kompyuta iliyonse ndi nthambo iliyonse, ngakhale yachikale, imalikwanitsa. Iwo amaopa kuti wogula angayatse chinthu chatsopano n'kungoona mdima. Windows kawirikawiri imangotenga choyambiracho n'kukhala chete, osakuuzani kuti pali zina.

Kenako anapempha mnyamatayo, ngati akumvera, kuti akhale pakompyuta. Pa Windows 11 njira yake ndi iyi:

```
Settings > System > Display > Advanced display > Choose a refresh rate
```

Pa Windows 10 dzina lake ndi Advanced display settings, ndipo ngati ili yakale kwambiri mumalowa pa Display adapter properties, kenako Monitor. Mukasankha 144, sikirini imathima pang'ono n'kufunsa ngati musunge kusinthako, ndipo mumadina Keep changes. Ikakhalabe yakuda musazimitse kompyuta: dikirani masekondi 15, ibwerera yokha pomwe inali. Mukaona nambala ngati 59.94 kapena 143.98 m'malo mwa 60 ndi 144, palibe chalakwika.

Apa muulutsi anadukiza, nati kumunsi kwa kalatayo mnyamatayo analemba kuti anafikako kale kumeneko, koma 144 mulibe, ndipo akugwiritsa ntchito nthambo ya HDMI. Katswiriyo anati tsopano nkhani yamveka, ndipo gawo limeneli ndi limene anakhalitsapo, moyenera, pakuti ndi pomwe anthu ambiri amataya ndalama.

Monita imeneyi, imene inatuluka mu 2013, ili ndi mabowo atatu a chithunzi kumbuyo kwake: HDMI, DisplayPort ndi DVI. Bowo lake la HDMI linapangidwa kuti lizilandira 60 Hz basi. Ngakhale mutakagula nthambo ya HDMI yodula kuposa zonse ku Limbe, yokutidwa ndi golide kunsonga, 144 sidzaoneka, chifukwa chimene chikuchepa ndi bowolo. Zili ngati chipata chopapatiza cha fakitale ya tiyi: msewu ukule bwanji, thirakitala zimalowabe imodziimodzi. Pa 1920 x 1080 pali timadontho 2,073,600, ndipo kutitumiza ka 144 pa sekondi ndiye kuti timadontho pafupifupi 300 miliyoni tidutse pachipatapo sekondi iliyonse.

Mankhwala ake ndi nthambo ya DisplayPort, ija yokhala ndi ngodya imodzi yodulidwa, nthawi zambiri ndi kobanira kofunika kudina pozula. Ikasowa, ya DVI imatha, koma ikhale ya mtundu wa dual-link. Katswiriyo anauza omvera mmene angaizindikirire ali pamsika: muyang'ane timano take. Yoyenera ili ndi mizere itatu ya timano 8, onse pamodzi 24, popanda mpata. Ikakhala ndi mpata pakati, timano 18 tokha, imeneyo pa chithunzi chachikulu chonchi ithera pa 60. Anachenjezanso za tinthambo totchipa tokhala ndi HDMI mbali ina ndi DisplayPort mbali inayo. Timeneto timagwira ntchito mbali imodzi yokha, kuchoka pa DisplayPort ya kompyuta kupita pa HDMI ya monita, choncho mnyamatayu sitingam'thandize.

Anawonjezera kuti si HDMI yonse imene ili chonchi. Mamonita atsopano okhala ndi HDMI 2.0 amafika 144 Hz bwinobwino, ngakhale pa 2560 x 1440. Chofunika ndi kuwerenga kabuku ka monita yanuyo kuti mudziwe bowo lililonse limafika pati. Ndipo ngati kompyuta ili ndi khadi lapadera la zithunzi, nthambo ilowe m'mabowo a khadilo, amene amakhala chopingasa chakumunsi, osati aja a pamwamba oyandikana ndi a USB.

Kalata yachiwiri inali ya mayi amene ndi kalaliki pa esiteti ina ya tiyi. Mwana wawo analumikiza laputopu ku monita ya 144 Hz, koma nambala inakanirira pa 60. Yankho linali lalifupi. “Mayi, muuzeni mwanayo adine Windows ndi P pamodzi.” Ngati pasankhidwa Duplicate, masikirini awiriwo amaonetsa chithunzi chimodzi, ndipo kawirikawiri monita imatsikira pa liwiro la sikirini ya laputopu. Asankhe Extend kapena Second screen only, kenako pa Advanced display asankhe kaye dzina la monitayo pamwamba asanasinthe nambala. Zikakanikabe, aone ngati pamenepo palembedwa Microsoft Basic Display Adapter. Zikatero ndiye kuti dalaiva wa Intel, AMD kapena NVIDIA sanaikidwe, zimene zimachitika kwambiri pa makompyuta ongofufutidwa kumene n'kuikidwa Windows yatsopano.

Bambo wina wa ku Luchenza anafunsa funso limene katswiriyo analiyamikira: poti magetsi a ESCOM ndi a 50 Hz, kodi monita siyenera kuikidwa pa 50, ndipo 144 siiotcha? Anayankha kuti kale ubale unalipodi. Makanema a ku Amereka ankayendera 60 chifukwa magetsi akumeneko ndi a 60 Hz, a ku Ulaya ndi kuno ankayendera 50, ndipo makompyuta, popeza anakulira ku Amereka, anatengera 60 ija. Koma monita ya masiku ano imayamba yasandutsa magetsi a pakhoma kukhala osasinthasintha, ndipo liwiro la chithunzi limachokera ku kompyuta. Kaya muli pa ESCOM, pa jenereta kapena pa sola, 144 ndi 144, ndipo kuisankha sikuononga monita imene inapangidwira nambala imeneyo.

Nthawi itatsala pang'ono, anatchula malire amodzi. Monita ikhoza kukhala pa 144, koma ngati kompyuta ikungokwanitsa kupanga zithunzi 50 pa sekondi m'gemu, monitayo izingobwereza zomwezo. PlayStation 4 imathera pa 60, PlayStation 5 pa 120, ndipo magemu ambiri ali ndi posankhira liwiro pawopawo mkati mwake, pofunika kusinthanso. Pofuna kutsimikiza popanda kuononga bandulo, anati mudine mabatani a monita yeniyeniyo n'kulowa pa Information: pamenepo imalemba liwiro limene ikulandira nthawi yomweyo.