Kalata yopempha nthawi yobwezera ngongole

Mayi athu mwatilembera kuti malipiro atsika mwadzidzidzi, ndipo ngongole ikukulemerani. Lemberani okukongozaniwo tsiku lolipira lisanakwane, chifukwa wobwera yekha amamumvera kusiyana ndi amene akuchita kusakidwa. M'kalatamo muike nambala ya ngongole, chimene chachitika, umboni wake monga kalata ya kuntchito, ndi ndalama imene mungakwanitse. Ngati mwatsala ndi K600,000 yoti mubweze pa miyezi 6, pemphani miyezi 12, kuti pamwezi muzipereka pafupifupi K50,000 m'malo mwa K100,000. Mwina mukuti chiwongoladzanja chichuluka. Zoonadi chichuluka, koma chilango cha kuchedwa ndi kulandidwa chikole zimapweteka koposa. Akavomera, akulembereni, musakhulupirire zapakamwa, mayi.