Gitala yanga ikumveka ngati ili m'chitini

FUNSO: Ndimajambula nyimbo za gulu lathu la kutchalitchi pa Cubase. Tili ndi ng'oma, besi, gitala imodzi, kiyibodi, wotsogolera nyimbo ndi ovomereza atatu. Gitala ndinaikopera, ina kumanzere ina kumanja, yachiwiriyo n'kuichedwetsa pang'ono. M'mahedifoni zikukoma, koma pa kasipika ka foni ikumveka ngati ili m'chitini. Ndalakwitsa pati? Wowerenga wa ku Zomba

YANKHO: Achimwene, vuto lili pa kukoperako. Nyimbo imatambasuka pamene khutu lamanzere ndi lamanja akumva zinthu zosiyana. Gitala yokopera ndi yomwe ija. Mukapanda kuichedwetsa, imangobwerera pakati n'kukwera mawu. Mukaichedwetsa ndi mamilisekondi 10 kapena 20, m'mahedifoni imatambasukadi, koma sipika imodzi imaphatikiza mbali ziwirizo, ndipo mafunde ena a mawu amafafanizana. Chitini mukumvacho n'chimenecho.

Fufutani yokoperayo. Ngati woimba gitala alipo, aimbenso gawo lomwelo kachiwiri. Dzanja la munthu silikhudza nsambo mofanana kawiri, ndipo kusiyana kwakung'onoko ndiko kumatambasula nyimbo popanda kufafanizana. Ikani imodzi pa L100, inayo pa R100.

Ngati kujambulanso sikutheka, gitala ikhale pa L50, kiyibodi pa R50. Ziwirizi zimalimbirana malo amodzi ndi mawu a munthu, choncho zikatalikirana, wotsogolera amapeza mpata pakati, pomwe ayenera kukhala pamodzi ndi besi, ng'oma yaikulu ndi sineya. Chenjerani ndi kiyibodi: ikajambulidwa ndi mawaya awiri imadzaza kuchokera kumanzere mpaka kumanja, n'kuphimba gitala. Ipanikizeni ndi Stereo Combined Panner kuti ikhale pakati pa R20 ndi R70, kapena mtsogolo muziijambula ndi waya mmodzi kuchokera pa L/MONO. Woimba kiyibodiyo achepetsenso dzanja lamanzere, chifukwa mawu akuluakulu okhala mbali imodzi amapendeketsa nyimbo.

Ovomereza atatuwo musawamwaze kutali. Sopulano yekha kumapeto kwamanzere amamveka ngati wapatuka pagulu. Yambani ndi sopulano pa L30, tenala pa R30, aluto pafupi ndi pakati koma motsika kuposa wotsogolera. Mukafuna kolasi yotakata, aliyense aimbe kawiri, ndipo liwu lililonse likhale ndi mnzake mbali inayo: sopulano pa L70 ndi R70, aluto pa L50 ndi R50, tenala pa L30 ndi R30.

Mukatha, sinthirani nyimbo yonse ku Mono, mumvetsere pa sipika imodzi. Chida chokhala kumapeto chimatsika pang'ono, zimenezo n'zachibadwa. Koma chikapyapyala kapena kusowa, pali zofafanizana, ndipo muyang'ane kaye zomwe munachedwetsa kapena kutambasula ndi pulogalamu. Ambiri mwa amene adzalandire nyimbo yanu pa WhatsApp adzaimvera pa sipika imodzi yomweyo, ndiye ikakoma pamenepo, itumizeni.