Kampani ikafuna kuti muitsatsire malonda, onani izi musanasaine

Tiyerekeze kuti mwana wanu wamkazi amajambula mavidiyo a zophikaphika n'kumawaika pa TikTok, ndipo kampani ya mafuta ophikira yamutumizira kontrakiti: vidiyo imodzi, K300,000. Musanayambe kuwerengera matumba a feteleza, khalani naye pansi muwerengere limodzi pepalalo.

Yambani ndi tsiku lolipira. Akalemba kuti ndalama zidzabwera "pakatha masiku 30", funsani kuti masikuwo ayamba kuwerengedwa liti. Ngati ayamba tsiku lomwe kampani yavomereza vidiyoyo, ikhoza kuchedwetsa kuvomerezako mwezi wathunthu popanda kuphwanya pangano. Alembe kuti masikuwo ayamba tsiku lotumiza invoisi, ndipo theka, K150,000, liperekedwe mwanayo asanayatse mbaula.

Za kukonza vidiyoyo n'zachidule. Mwanayo akonze kawiri basi, ndipo kampani inene zodandaula zake pasanathe masiku asanu. Kudula chigawo kapena kusintha mawu olembedwa ndiko kukonza. Kugulanso nyama n'kujambulanso zonse ndi ntchito ina, ya mtengo wake.

Pomwe ambiri amaluza ndi pa chiletso chogwira ntchito ndi makampani ena. Onani zinthu ziwiri: akumuletsa kutsatsa chiyani, ndipo mpaka liti. Chikalembedwa kuti "zakudya" kwa miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti ogulitsa mpunga, ufa ngakhale zokometsera ndiwo onse atsekeredwa kunja. Ngati mwanayo amapeza K100,000 pamwezi kwa anthu amenewa, wataya K600,000 kuti alandire theka lake. Liwulo lisinthidwe likhale "mafuta ophikira", nthawi itsike kufika mwezi umodzi, apo ayi kampani ilipire mwezi uliwonse womwe yamumanga manja. Ine ndimaona kuti chiletso chosalipiridwa choposa nthawi ya kampeni sichiyenera kusainidwa.

Chotsala ndi chilolezo chogwiritsanso ntchito vidiyoyo. Kuiika pa tsamba la mwanayo n'kosiyana ndi kampani kuilipirira pa Facebook kuti ionedwe ndi anthu ochuluka, kuiulutsa pa kanema, kapena kupachika nkhope yake pa chikwangwani cha m'mbali mwa msewu. Pepala linene kumene vidiyoyo ionekere, m'dziko liti ndi kwa miyezi ingati. Mwachitsanzo: masamba a kampaniyo okha, m'Malawi muno, miyezi itatu, ndipo akafuna kupitiriza alipirenso.

Mukapeza mawu otanthauza "mpaka kalekale", "paliponse padziko" kapena kuti umwini wa vidiyo wapita ku kampani, dziwani kuti sakubwereka koma akugula, ndipo K300,000 ija ndi mtengo wobwereka. Lembani mzere pamawuwo, muwabwezere pepalalo. Zomwe mwagwirizana pafoni zilowe m'kontrakiti momwemo, mbali zonse ziwiri zisaine, mwanayo asunge kope lake.