Kalata yofotokoza zolakwika za mu tebulo lokopedwa

Wophunzira akapeza zolakwika mu tebulo lomwe lakopedwa kuchokera m'manotsi akale ojambulidwa pa makina, kawirikawiri amangolemba kuti "tebuloli ndi lolakwika." Mphunzitsi sangachite kanthu ndi uthenga wotere. Muwaphunzitse ophunzira anu kutchula mzere, zimene zakopedwa, zimene zili pa pepala lakalelo, ndi umboni wake.

Tiyerekeze kuti wophunzira wa ku Chegutu walandira tebulo la magulu a mayina lochokera m'manotsi a Chinyanja olembedwa ku Kadoma. Werengani zomwe walemba:

"Aphunzitsi, ndafananiza tebulo mwatitumizira lija ndi chithunzi cha tsamba 4. Pa mzere 2, kuchuluka kwa mudzi kwalembedwa kuti masamba. Pa chithunzipo liwu loti midzi lafufutika, choncho wokopa analidumpha, ndipo mawu onse a m'munsi anakwera ndi mzere umodzi. N'chifukwa chake tsamba laphatikizidwa ndi zinthu. Pa mzere 6 palembedwa ngoma, koma pa chithunzi pakuoneka kachizindikiro pakati pa g ndi o, ndipo chitsanzo chake chikunena za kuimba pa gule. Ndikuganiza kuti ndi ng'oma. Pa mzere 4 pali cinthu. Ili sindinalisinthe, chifukwa tsamba lonse lili ndi c pamene ife timalemba ch. Chonde mundiuze ngati ndikonze. Ine wophunzira wanu."

Taonani kuti mizere yosokonekera ija waifotokoza ngati cholakwika chimodzi, popeza gwero lake ndi limodzi. Mukaona mayankho angapo otsatizana ali olakwika, yang'anani kaye pamene panayambira vutolo.

Za ng'oma n'zofunika kuzisamala kwambiri kwa inu amene mumaphunzitsa ku Zimbabwe. M'Chichewa ngoma ndi nyama ya m'tchire, pomwe ng'oma ndi yoimba. Koma m'Chishona yoimbayo imalembedwa ngoma, ndiye mwana wa Mchewa wokulira ku Kadoma, amene amawerenga Chishona tsiku ndi tsiku, saona vuto lililonse. Kachizindikiro kameneka ndiko kamayamba kutayika pepala likatha, ndipo wokopa amakayesa kachitsotso.

Nanga cinthu? Kameneka ndi kalembedwe kakale, ndipo ku Zambia amalembabe Cinyanja mpaka lero. Wophunzirayu wachita bwino kufunsa m'malo mokonza mwakachetechete. Chimodzimodzi, ngati pamutu pa manotsiwo palembedwa Gatooma kapena Hartley, asasinthe. Awa ndi mayina omwe Kadoma ndi Chegutu ankadziwika nawo mpaka 1982, ndipo amatithandiza kudziwa zaka za pepalalo.

Ntchito: koperani mizere isanu ndi umodzi ya tebulo lakale, muikemo dala zolakwika ziwiri ndi liwu limodzi la kalembedwe kakale. Ophunzira anu akulembereni kalata. Pochonga, muone ngati asiyanitsa chimene akutsimikiza ndi chimene akungoganizira.